Paipi Yochokera ku Thanki Ikhale ya Saizi Yanji?

"Achimwene, thanki ya pa chitsime chathu ku Mpemba ili kumtunda, mamita 400 kuchokera kunyumba, ndipo amene anayeza malo akuti pansi pa thankiyo pali mamita 15 pamwamba pa mipopi yathu. Pulambala akuti paipi yakuda ya 25 ikwana, pomwe wogulitsa ku Limbe akuti titenge ya 40. Kodi wogulitsayu sakungofuna ndalama zathu? Tigule iti?"

Zikomo achemwali, ndawamva mawu anu, ndipo moni kwa alamu ndi ana. Yankho langa ndi lakuti mugule ya 40, koma ndikupempha kuti mumvetsere mpaka kumapeto, chifukwa ndikufuna kuti mukakumana ndi pulambala wanu mukathe kumufotokozera chifukwa chake ndi manambala, osati kungonena kuti achimwene atero.

Mamita 15 amene mwatchulawo muwaone ngati ndalama zimene muli nazo m'manja. Popeza palibe pampu pakati pa thanki ndi nyumba, mphamvu yonse yokankha madzi ikuchokera pa kutalika kumeneko basi. Madzi akamayenda m'paipi amakhulana ndi khoma la m'kati mwake, ndipo kukhulanako kumadya gawo la mphamvu ija pa mita iliyonse ya ulendo. Ife timawerenga mphamvu yodyedwayo m'mamita omwewo, ndiye tikati paipi yadya mamita 5, ndiye kuti pa 15 paja patsala 10, ndipo otsalawo ndi amene amatulutsa madzi pampopi ndi pashawa. Mamita 10 a madzi ndi pafupifupi 1 bar pa geji yoyezera pulesha. Kuti shawa itulutse madzi osambika, ine sindifuna kuti patsale mamita ochepera 5, ndipo akatsala 10 mtima wanga umakhala pansi.

Tisanawerenge kalikonse, tiyenera kugwirizana za kuchuluka kwa madzi amene mukufuna pa nthawi imodzi. Panyumba panu ndikuganiza za mipopi iwiri yotsegulidwa limodzi, wina akutunga kukhitchini pamene wina akusamba. Zimenezi zimafuna pafupifupi theka la lita pa sekondi iliyonse, kapena kuti madzi odzaza ndowa ya malita 20 pa masekondi 40. Nambala imeneyi isatengedwe mopepuka, pakuti madzi oyenda m'paipi akawonjezeka kawiri, mphamvu yodyedwa siwonjezeka kawiri ayi, koma pafupifupi katatu ndi theka.

Chachiwiri, ndipo apa ndi pamene anthu ambiri amapunthwa, nambala yolembedwa pa paipi yakuda ija, imene pathupi pake amalemba kuti HDPE, ndi kukula kwa kunja m'mamilimita. Madzi sayenda kunja, amayenda m'bowo. Paipi ya 25 bowo lake ndi la mamilimita pafupifupi 21, ya 32 lake ndi pafupifupi 28, ndipo ya 40 lake ndi pafupifupi 35. Manambala a 32 ndi 40 ndawatenga pa mapaipi olembedwa PN10. Paipi ya khoma lochindikala ngati ya PN16 imakhala ndi bowo locheperapo ngakhale kunja ikufanana ndi inzake. Kusiyana kwa 21 ndi 35 ndi maso kumaoneka kochepa, koma m'masamu a madzi ndi kwakukulu zedi, chifukwa bowo likakula kawiri, mphamvu yodyedwa imachepa pafupifupi maulendo 29.

Masamu amene ndagwiritsa ntchito ndi a akatswiri awiri a ku Amereka, Hazen ndi Williams, amene anawakonza kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900. Ndawalemba pansipa kuti mwana wanu wa ku sekondale uja awayese pa kakyuleta yake, atsimikize ngati malume ake sanalakwitse.

```
hf = 10.67 × L × Q^1.852 / (C^1.852 × d^4.87)
L = 400    Q = 0.0005    C = 140
d = 0.021, 0.028, 0.035
```

Chilembo cha `L` ndi kutalika kwa paipi m'mamita, ndipo `d` ndi kukula kwa bowo, nakonso m'mamita, n'chifukwa chake mamilimita 35 ndawalemba 0.035. Chilembo cha `Q` ndi theka la lita lija, koma litagawidwa ndi 1000 monga momwe masamuwa amafunira. Chilembo cha `C` chimasonyeza kusalala kwa m'kati mwa paipi. Pulasitiki yatsopano amaipatsa 150, koma ine ndaika 140 dala, poganizira kuti madzi a pachitsime pakapita zaka amasiya litsiro pakhoma. Yankho lake, `hf`, ndi mamita odyedwa aja. Masamuwa ndi a madzi okha, ozizira monga a m'thanki, ndipo pa mapaipi ang'ono ngati awa yankho lake ndi loyandikira chabe, choncho musakangane ndi munthu pa theka la mita.

Tiyambe ndi ya 25 imene pulambala akufuna. Kuti theka la lita lidutsemo pa sekondi iliyonse kwa mamita 400, pangafunike mamita pafupifupi 52, pamene inu muli ndi 15 okha. Izi sizikutanthauza kuti madzi sadzafika. Adzafika ndithu, koma adzachepa okha mpaka kukhulana kulingane ndi mphamvu imene ilipo, ndipo ndawerenga kuti adzakhala pafupifupi theka la amene mukufuna. Ndowa imodzi idzatenga masekondi pafupifupi 80, ndipo apo ndi pamene paipi ili yotsegula kukamwa, mphamvu yonse itathera m'njira. Mukatsegula mipopi iwiri, aliyense adzadikira ndowa yake mphindi zoyandikira zitatu, ndipo amene ali m'bafa, poti shawa ili pamwamba kuposa mpopi wa panja, ndiye adzayamba kusowa madzi ali ndi sopo m'maso.

Ya 32, imene palibe waitchula koma ndikudziwa kuti alamu adzaiganizira pofuna kugwirizanitsa mbali ziwirizi, imadya mamita pafupifupi 13. Pamenepo tiwonjezere za m'makona, m'mavavu ndi m'zolumikizira, zimene pa paipi yaitali chonchi ndimaziwerengera gawo limodzi mwa magawo khumi a mamita odyedwawo. Zonse pamodzi zikufika pa 14, kutsala mita imodzi yokha. Mpopi umodzi ungagwire bwino ntchito, koma wachiwiri ukangotsegulidwa pulesha idzagwa, ndipo tsiku limene mudzamange nyumba ya alendi kuseri kuja mudzayenera kukumbanso mzere wonse.

Ya 40 imadya mamita 4 ndi pang'ono, ndipo ndi makona omwe tingoti 5. Pakhomo pakutsala mamita 10, amene ndi okwanira shawa, khitchini ndi mapaipi ang'onoang'ono a m'nyumba amene nawonso amadya gawo lawo. Ndayesanso ya 50, ndipo imadya mita imodzi ndi theka, koma sindikuona chifukwa chowonongera ndalama zambiri pofuna kupulumutsa mamita atatu amene simukuwasowa. Ndingaisankhe pokhapokha ngati mukufuna kudzathirira dimba kapena kugawira oyandikana nawo, chifukwa mukafuna lita lathunthu pa sekondi, ya 40 yomweyo idzadya mamita opitirira 15.

Ndisamulakwire pulambala wanu. Iye akutsatira zimene amaona tsiku ndi tsiku m'tauni muno, kumene nyumba imalumikizidwa ku paipi ya bodi ya madzi pa mtunda wa mamita 20 kapena 30. Pa mamita 20, paipi ya 25 yomweyo imadya mamita osakwana 3, ndipo palibe amene amadandaula. Palinso lamulo limene amisiri amaphunzira, lakuti madzi asathamange kupitirira mita imodzi ndi theka kapena mamita awiri pa sekondi, ndipo ya 25 sikuliswa lamulo limeneli. Vuto ndi lakuti lamuloli silifunsa kutalika kwa ulendo. Kukhulana kumachuluka molingana ndi kutalika, kotero zimene zinali zazing'ono pa mamita 20 zimachulukitsidwa maulendo 20 pa mamita 400.

Pali zinthu ziwiri zimene ndikufuna mutsimikize musanapite ku Limbe. Mamita 400 akhale oyezedwa ndi tepi kapena chingwe motsata mmene ngalande idzadutsire, mokhota ndi motsetsereka momwe, osati mzere wowongoka wa pamapu a m'foni. Komanso muyende m'njirayo muone ngati pali chitunda pakati. Malo a ku Mpemba si athyathyathya, ndipo paipi ikatsika m'chigwa, n'kukwera, n'kutsikanso, mpweya umasonkhana pamwamba pa chitundacho n'kupanikiza njira ya madzi ngati kuti bowo lachepa. Chizindikiro chake ndi mpopi wotsokomola, wotulutsa madzi modukizadukiza, makamaka thanki ikauma n'kudzadzidwanso. Pamalo otere paikidwe vavu yotulutsa mpweya. Ngati chitundacho chikuyandikira msinkhu wa thanki, mundiuze musanakumbe, chifukwa pamenepo masamu ayenera kuchitidwa chigawo ndi chigawo.

Zolumikizira nazonso zikhale za saizi ya paipiyo. Ndinaonapo ntchito ina kumbali ya Chileka imene mwini wake anagula paipi yabwino, koma potulukira pa thanki panaikidwa kavavu kakang'ono ndi sefa yodzaza mchenga, ndipo iye anataya miyezi akuganiza kuti anamugulitsa paipi yachinyengo. Poyala mpukutu, amisiri asamale kuti paipi isapindike mpaka kuphwatalala, pakuti malo amodzi opindika angathe kudya mphamvu yochuluka kuposa mamita ambiri a paipi yowongoka.

Ntchito ikatha, musanakwirire ngalande, pulambala amange geji pafupi ndi nyumba. Mipopi yonse ili yotseka, geji iyenera kuonetsa pafupifupi 1.5 bar, kapena kupitirira pang'ono thanki ikakhala yodzaza. Musanyengedwe ndi nambala imeneyi, chifukwa madzi akaima palibe kukhulana, ndipo ngakhale paipi ya 25 ingaonetse 1.5 yomweyo. Ikaonetsa yocheperapo kwambiri, ndiye kuti penapake pakudontha, kapena muli mpweya, kapena mamita 15 aja sanayezedwe bwino. Kenako mutsegule mipopi iwiri mpaka madzi onse pamodzi azidzaza ndowa ya malita 20 pa masekondi 40, muyang'anenso geji. Pa paipi ya 40 iyenera kutsika n'kuima pafupi ndi 1 bar. Ikagwa mpaka theka la pamenepo, pali chotchinga m'njira, ndipo muyambe kufufuza pa sefa ndi pa vavu ya pa thanki, kenako pa zolumikizira chimodzi ndi chimodzi kutsika nazo kumunsi. Manambala awiri a pa gejiwo mudzanditumizire pagulu pompano, ndipo Loweruka likudzali ndikhoza kubwera ndi tepi yanga kuti tikayeze njirayo limodzi ndi alamu.