Oda iliyonse ikhale ndi nambala yake

"Anzanga, ndimagulitsa zovala pa foni n'kumatumizira makasitomala. Mwezi uno munthu mmodzi ndamubwezera ndalama kawiri, winanso akuti analipira koma dzina lake sindikuliona. Ndizilemba bwanji kuti zisamandisokoneze?"

Achemwali, gulani kope lachikuto cholimba, ndipo munthu akangoti "ndisungireni", mupatseni nambala ya oda: 001, 002, kumangopitiriza osayambiranso mwezi ukatha. Nambalayo mumuuze, muilembenso pa phukusi lake. Dzina musalidalire. Anthu amalipirira pa foni ya amuna awo kapena ya mnzawo, ndipo mayina amafanana.

Kopelo muligawe pawiri. Kutsogolo kukhale maoda, pa masamba awiri oyang'anizana. Kumanzere muzilemba nambala, tsiku, dzina ndi foni, katundu ndi saizi yake, komanso ndalama zonse pamodzi ndi zotumizira. Kumanja kukhale tsiku lomwe phukusi lanyamuka, amene walinyamula, nambala ya lisiti, tsiku lomwe lafika, ndi malo aakulu a madandaulo. Oda iliyonse muziisiyira mizere itatu, chifukwa dandaulo silikwana pa mzere umodzi.

Kumbuyo, kuyambira pa tsamba lomaliza, n'kwa ndalama zokha, ndipo apa ndi pomwe pagona nkhani. Ndalama iliyonse ikalowa kapena kutuluka izikhala ndi mzere wake: tsiku, nambala ya oda, dzina lomwe laoneka pa uthenga, nambala ya malipiro yomwe imabwera mu uthengawo, ndi kuchuluka kwake. Ambiri amangochonga kuti "walipira" pambali pa oda. Koma oda imodzi ikhoza kulipiridwa kawiri n'kudzabwezedwanso pang'ono, ndiye kuchonga kumodziko kungakuuzeni chiyani?

Tiyerekeze ndi manambala osavuta. Oda 047 ndi madiresi atatu, lililonse 100, zotumizira 20, zonse 320. Lolemba kasitomala watumiza dipoziti ya 150, mwalemba kumbuyo. Lachinayi palowa 170 kuchokera ku dzina lachilendo. Musaganizire kuti ndi za uje. Lembani mzerewo momwe ulili, pa nambala ya oda muikepo chizindikiro cha funso. Mwini wake akadzati "ndinamalizatu", mufunseni nambala ya malipiro ndi nthawi yomwe anatumiza. Zikafanana ndi zomwe zili pa foni yanu, ndiye mulembe 047. Chithunzi cha uthenga chomwe wakutumizirani si umboni, chifukwa zithunzi zimakonzedwa, ndiponso chakale chikhoza kutumizidwanso. Phukusi lisanyamuke mizere ya 047 isanakwane 320.

Lafika, koma diresi limodzi lamuthina. Kumanja kwa oda 047 lembani tsiku, zomwe wadandaula m'mawu ake, ndi zomwe mwagwirizana: abweza diresilo, inu mubweza 100, zotumizira sizibwezedwa. Kulonjeza si kubweza ayi, choncho kumbuyo musalembe kanthu panobe. Diresi likafika, lembani tsiku. Ndalama zikatuluka, tsegulani mzere watsopano kumbuyo ndi bolopeni yofiira: 047, kuchotsa 100, ndi nambala ya malipiro. Kenako bwererani kutsogolo mukalembe kuti "zabwezedwa" ndi tsiku lake. Musanabwezere aliyense ndalama, muziyamba mwayang'ana pamenepo. Kubweza kawiri kuja kumachitika mukatumiza ndalama muli pa msewu n'kudziuza kuti mukalemba madzulo.

Tsopano oda 047 yatsika kufika pa 220. Musafufute 320 uja, ingomudulani ndi mzere kuti azionekabe. Kumbuyo, 150 kuphatikiza 170 kuchotsa 100 ndi 220. Zafanana, odayo mukhoza kuitseka. Ine ndimaika kamtanda pa nambala ya oda yotsekedwa, moti ndikamatsegula masamba maso amangogwera pa zomwe zikadali ndi nkhani.

Kamodzi pa sabata khalani pansi ndi kope ndi foni, muyerekeze mzere uliwonse wakumbuyo ndi mauthenga kapena sitetimenti. Zikapanda kufanana, yang'anani kusiyanako musanayambe kukayikira munthu. Ngati kukufanana ndi zotumizira, mwaiwala kuzilemba pa oda ina. Ngati n'kochepa, kawirikawiri ndi ndalama zomwe amadula potumiza, ndipo nazonso zimafuna mzere wake. Ngati kukugawika ndi 9 popanda chotsala, onani ngati simunatembenuze manambala, monga kulemba 170 pomwe panali 710.

Mukamaliza, jambulani masamba a sabata imeneyo pa foni, kuopa kuti kope lingadzanyowe kapena kusowa. Zithunzizo musaziike pa gulu, muli mayina ndi manambala a anthu.