Ndime iliyonse ikhale ndi zipembedzo zonse ziwiri

"Pepala lathu loyerekeza zipembedzo ndi la maola awiri, mafunso atatu a malikisi ofanana. Nthawi imandithera ndisanafike n'komwe pa chipembedzo chachiwiri. Nditani?"

Mnzanga, ndikuona kuti mukumakhuthula zonse zimene mukudziwa za chipembedzo choyamba, chachiwiri n'kungochipatsa mizere itatu. Wochonga akawerenga amaona kuti mwafotokoza koma simunayerekeze, chonsecho malikisi ambiri agona pa kuyerekezako.

Funso lililonse lipatseni mphindi 40: zisanu zokonzekera, 30 zolemba, zisanu zowerenganso. Lembani pakona ya pepala nthawi imene muyenera kusiya, ndipo ikakwana siyanidi. Malikisi oyambirira a funso latsopano savuta kupeza ngati omalizira a funso limene mwalikakamira.

Mphindi zisanu zoyambazo musaziumire. Tinene kuti funso likuti muyerekeze kusala kudya m'Chisilamu ndi m'Chiyuda. Dulani mzere pakati pa pepala losafunika, Ramadani mbali iyi, Yom Kippur mbali inayo. Kumanzere lembani mitu itatu yokha: nthawi, cholinga, ndi omasulidwa pa kusala. Mutu uliwonse ndi ndime imodzi ya mphindi zisanu ndi zitatu, zotsalazo n'za mawu oyamba ndi omaliza.

Ndime ya nthawi izimveka chonchi: "Asilamu amasala mwezi wonse wa Ramadani, masiku 29 kapena 30, kuyambira m'bandakucha mpaka dzuwa litalowa, pamene Ayuda pa Yom Kippur amasala kamodzi, maola pafupifupi 25 osadukiza, osadya osamwa." Mwaona mawu oti "pamene"? Ndi amene amagwira ntchito yoyerekeza. Mukalemba theka la tsamba osagwiritsa "pamene", "mofanana" kapena "koma", dziwani kuti mwabwerera ku chizolowezi chija.

Pa cholinga m'pamene muyenera kuchedwapo, chifukwa ambiri amangoti onse amasala kuti ayandikire kwa Mulungu, basi. N'zoona, koma n'zosakwanira. Korani 2:183 imati kusala kunalamulidwa kuti okhulupirira akhale oopa Mulungu, ndipo kusalako ndi imodzi mwa nsanamira zisanu za Chisilamu. Levitiko 16 amagwirizanitsa tsiku la Yom Kippur ndi kutetezera machimo, n'chifukwa chake Ayuda amalithera polapa. Ndiye nenani chimene kusiyanako kukuonetsa: uku munthu akuphunzira kudziletsa tsiku ndi tsiku limodzi ndi anzake, uko anthu akuima pamaso pa Mulungu tsiku limodzi kupempha chikhululuko.

Ya omasulidwa ndi yaifupi. Msilamu wodwala kapena wapaulendo amadzabweza masikuwo, Myuda amene moyo wake uli pangozi amayenera kudya.

Chonde, chipembedzo chanu chisakhale muyeso wa chinzake. Lembani kuti "Asilamu amakhulupirira kuti", "Ayuda amaphunzitsa kuti", ngakhale mukunena za kwanu komwe. Ndipo nthawi ikakutherani ndime yachitatu isanathe, lembani mfundo zotsalazo m'ziganizo ziwiri, chimodzi cha mbali iliyonse, n'kupita pa funso lina.