Zabwerera zili bwino, koma kodi zinafika bwino?

"Ndinalemba kalata m'Chichewa n'kuimasulira pa makina kupita m'Chifalansa, chilankhulo chimene sindichidziwa n'komwe. Mnzanga akuti ndiibwezenso m'Chichewa, ikafanana ndi yoyamba ndiye kuti ili bwino. Kodi ndingadalire zimenezi?"

Zikomo pondilembera, achimwene. Mnzanuyo wanena zoona, koma wasiyira panjira. Njirayi imagwira zolakwika zina mosavuta, pomwe zina imazibisa, ndipo zobisikazo ndi zimene zimandidetsa nkhawa.

Kachitidwe kake n'kosavuta. Sungani kalata yoyambayo pambali osaikhudza. Masulirani ziganizo ziwiri kapena zitatu pa nthawi imodzi, kenako koperani Chifalansacho n'kuchibweza m'Chichewa. Ngati mungapeze makina ena obwezera, ndi bwino kwambiri, chifukwa makina amene alakwitsa popita amakonda kubwereranso njira yomweyo, cholakwikacho n'kufufutika.

Tinene kuti munalemba kuti: "Mlamu wanga sadzafika mkuja. Ndinamubwereka galimoto, choncho musadikire pa siteshoni." Ndiye zabwerera chonchi: "Mlamu wanga sabwera mawa. Ndinamubwereka galimoto, choncho dikirani pa siteshoni."

Poyerekeza, musataye nthawi ndi mawu ongosinthana. "Sadzafika" ndi "sabwera" sizikusiyana kwenikweni. Fufuzani tsiku, manambala, amene wachita ndi amene wachitiridwa, komanso tizilembo tokanira monga si- ndi sa-. Apa zinthu ziwiri zasokonekera. Mkuja wasanduka mawa, tsiku lathunthu latayika. Chachiwiri n'choopsa: "musadikire" wasanduka "dikirani". Kachidutswa ka -sa- kamabisala m'kati mwa mneni, ndipo kakagwa, munthu adzaima pa siteshoni kudikira mlendo amene sakubwera.

Komabe simukudziwa pamene zasokonekera. Mwina Chifalansacho chili bwino ndipo makina apunthwa pobwerera. Kumbukiraninso kuti makina ambiri sadumpha kuchoka m'Chichewa kulowa m'Chifalansa mwachindunji, amadzera m'Chingerezi, choncho ulendo wopita ndi kubwera uli ndi malo anayi opunthwira. Musalimbane n'kupeza wolakwa. Lembaninso chiganizo chanu momveka, monga "sadzafika pa 14 Juni" ndi "palibe chifukwa chopitira ku siteshoni", n'kuyesanso. Zikabwerera zili zolondola pa makina awiri osiyana, mtima ukhale m'malo pang'ono.

Tsopano yang'anani mawu amene abwerera osasintha: "Mlamu wanga" ndi "Ndinamubwereka galimoto". Ambiri amawadumpha mosangalala, koma vuto lagona pamenepa. Mlamu akhoza kukhala mwamuna kapena mkazi. Chifalansa chili ndi mawu awiri osiyana, ndipo makina ayenera kusankha limodzi. Akasankha mwamuna pomwe inu mumanena mkazi, pobwerera mawu onsewo amasanduka "mlamu" yemweyo. Simuona chilichonse. N'chimodzimodzi ndi "iye" kapena a- wa mu "anapita": Chichewa sichisonyeza kuti ndi bambo kapena mayi, pomwe Chifalansa ndi Chingerezi zimakakamiza kusankha.

Nanga "ndinamubwereka"? Pokamba, mawuwa timawagwiritsa ntchito mbali zonse ziwiri, popereka ndi potenga, ndipo womva amazindikira chifukwa nkhaniyo akuidziwa kale. Makina sadziwa mwini galimoto. Akhoza kuuza wolandira kalata kuti inu ndi amene munatenga galimoto ya mlamu wanu, kenako n'kukubwezerani chiganizo chanu chomwe chija, chooneka ngati sichinakhudzidwe. Mawu ngati mtengo, mwezi ndi mankhwala amachitanso zomwezo. Mtengo wa katundu ukhoza kupita ngati mtengo wa m'nkhalango n'kubwerera uli "mtengo".

Pa mawu oterewa ine ndimachita chonchi. Ndimalemba chiganizo kawiri, m'njira zosasiya chikayiko: "Ndinapatsa mchemwali wa mkazi wanga galimoto yanga kuti ayendere" ndi "Ndinatenga galimoto ya mchimwene wa mkazi wanga kuti ndiyendere". Zonse ndimazimasulira, kenako ndimayerekeza Chifalansa chake ndi chija choyamba. Simufunika kudziwa chilankhulocho kuti muone kuti liwu la m'Chifalansa choyamba chija likufanana ndi la chiganizo chiti mwa ziwirizi. Mukatero mwagwira chimene makina anasankha. Ndipo chiganizo chomveka chija ndi chimene muyenera kutumiza, ngakhale chikuoneka chachitali.

Pali chinanso chimene kubweza sikungakuuzeni bwinobwino: ulemu. Chifalansa chimasiyanitsa "iwe" ndi "inu" monga ife, koma Chingerezi chapakati chija chili ndi liwu limodzi lokha, ndiye kusiyanako kumafera pamenepo. Funani mawu akuti `tu` ndi `vous` m'kalatamo. Ngati mukulembera munthu wamkulu ndipo mukuona `tu`, konzani musanatumize.

Simunandiuze kuti kalatayo ndi ya chiyani. Ngati ndi moni kapena kupangana tsiku lokumana, zimene ndafotokozazi zikukwanirani. Ngati muli pangano la ndalama, malangizo a kamwedwe ka mankhwala kapena nkhani ya kukhoti, chonde pezani munthu wodziwa zilankhulo zonse ziwiri awerenge Chifalansacho, ndipo mumupatsenso kalata yanu yoyamba ya Chichewa ija.