Malamulo 23 oletsa, koma katemera anaundanabe

"Ndalembera antchito atsopano malamulo ambiri a zimene sayenera kuchita, koma akulakwitsabe zomwezo. Kodi ndiwonjezere ena?"

Achemwali, musawonjezere ngakhale limodzi. Ine ndinkayang'anira firiji ya katemera pa chipatala china, ndipo pakhoma tinamata malamulo 23, onse oyamba ndi "musa". Lamulo lachitatu linkati, "Musalole katemera kutentha." Usiku wina magetsi atazima, mnyamata amene anali atangoyamba ntchito analitsatira ndi mtima wonse: anatenga bokosi lozizira, nadzazamo mapaketi a ayezi ouma gwa, n'kugoneka timabotolo pamwamba pake penipeni.

M'mawa nditatsegula bokosilo ndinapeza katemera wa kafumbata ataundana, moti ndikapendeketsa kabotolo madzi ake sankasuntha n'komwe. Katemera ameneyu amasungidwa pakati pa madigiri 2 ndi 8, ndipo akaundana watha ntchito ngakhale asungunukenso. Panja amayi oyembekezera anali atakhala kale pamzere, mnyamatayo ataima pakhomo akunjenjemera, akungobwereza kuti, "Koma sanatenthe, bwana." Zimene ankanenazo zinali zoona, chifukwa pepalalo linamuuza choti apewe koma silinamuuze choti achite ndi manja ake.

Chimene chimandiwawabe n'chakuti abwana athu, amene ankawonjezera lamulo nthawi iliyonse wina akalakwitsa, anandikalipira ine pamaso pa anthu, kenako analamula kuti tilembe lamulo la 24. Sanadzifunse n'kamodzi komwe ngati munthu angakumbukire mizere 23 mumdima.

Vuto lina ndi lakuti lamulo loletsa limakumbutsa munthu chinthu choletsedwacho. Mu 1987 katswiri wa za maganizo Daniel Wegner anauza anthu kuti kwa mphindi 5 asaganize za chimbalangondo choyera, ndipo aziliza belu chikawabwerera m'mutu. Belu linkalira ndithu, ndipo atawalola kuchiganizira, anachiganizira kwambiri kuposa anzawo amene sanayambe aletsedwa.

Ine ndinalembanso pepala lonse motsatira nthawi imene munthu amalifuna. Tsopano limati: "Magetsi akazima, siyani firiji ili chitsekere, ndipo lembani nthawi. Themometa ikayandikira madigiri 8, tulutsani mapaketi a ayezi, muwayale patebulo mpaka mumve madzi akukhuchumuka mukawagwedeza, kenako muwaike m'bokosi limodzi ndi katemera." Inunso tengani lamulo lililonse, mudzifunse kuti munthu amene walimvera akuchita chiyani kwenikweni, n'kulemba chimenecho. Mukatero mupatse munthu wachilendo awerenge, mumufunse kuti, "Zitachitika, mungayambe ndi chiyani?" Akakakamira kutchula zimene sangachite, pepalalo silinapse.

Komabe musachotse zoletsa zonse. Pachivundikiro cha bokosi lija ndinalembapo ndi zilembo zikuluzikulu kuti "MUSAGUNDITSE KATEMERA PA AYEZI WOUMA", ndipo pansi pake ndinaikapo chifukwa chake. Sungani zoletsa ziwiri kapena zitatu za ngozi yosabwezeka, ndipo muzimate pamalo pomwe dzanja limagwira, osati pakhoma la mu ofesi.