Mwana Adzavala Gauni, Ine Ndili Kutali: Ndigule Foni Yanji?

"Mwana wanga wamkazi akumaliza maphunziro ku Mzuni ndipo ndikufuna kugula foni ya mtengo wapakatikati yoti ndidzamujambulire pa mwambo. Wogulitsa wina m'tauni wandionetsa foni ya zumu ya 30x, wina akuti ndiyang'ane yolembedwa OIS. Makolofe timakhala kumbuyo kwenikweni. Ndisankhe iti?" Awa ndi mawu a mayi ena a ku Katawa.

Mayi, choyamba ndikuyamikireni pa mwanayo. Tsono 30x ija muyiiwale kaye, chifukwa pa mafoni a mtengo umenewu nambala yotereyi siichokera ku lenzi. Foni imajambula chithunzi chachikulu monga mwa masiku onse, kenako imadula kachigawo ka pakati n'kukakulitsa. Zili ngati kutenga chithunzi cha gulu lonse la kwaya, n'kudula ndi sizasi nkhope ya munthu mmodzi, n'kupita nayo kokakulitsa. Nkhope ikula ndithu, koma zomwe kamera sinaone sizingabwere.

Tiyeni tiwerengere pa mwana wanuyo. Mafoni ambiri apakatikati ali ndi kamera yaikulu ya 50 MP, kutanthauza timadontho mamiliyoni 50 topanga chithunzi, koma pojambula wamba amaphatikiza timadontho tinayi kukhala kamodzi, ndiye chithunzi chimatuluka cha pafupifupi 12 MP, chokhala ndi timadontho 4,000 m'litali mwake. Tiyerekeze kuti mwakhala mamita 30 kuchokera pomwe mwana akulandirira digiri. Pa mtunda umenewo kamera yaikulu imaona malo otambalala pafupifupi mamita 40. Ndiye kuti mita iliyonse yalandira timadontho 100, ndipo nkhope ya munthu, yomwe ndi masentimita 16 kapena apo, yalandira timadontho 16 tokha. Kaya mukanikize 10x kaya 30x, foni ikugwirabe ntchito ndi timadontho tochepa tomweto. N'chifukwa chake zithunzi za zumu yaikulu zimaoneka ngati zopaka utoto: khungu losalala ngati sera, maso ngati timabala takuda, malembo a pa chinsalu chakumbuyo opindikapindika.

Sindikuti zumu yodula n'njachabe yonse ayi. Pa 2x, masana kunja kukuwala, kamera ya 50 MP ikhoza kugwiritsa ntchito timadontho tapakati popanda kutiphatikiza, ndipo chithunzi chimatuluka chabwino. Vuto limayamba mukapitirira 3x kapena 4x, makamaka kuwala kukachepa.

Lenzi yeniyeni yokokera zakutali ndi kamera ina payokha, yomwe pa ndandanda wa zida za foni amailemba telephoto kapena periscope. Ya 3x imaona malo a mamita 13 okha pa mtunda womwe uja, ndipo timadontho take tonse timagwera pamenepo. Samsung Galaxy S23 FE, ya 2023, ili ndi lenzi ya 3x ya 8 MP chabe, koma nkhope ya mwana wanu pamenepo ingalandire timadontho pafupifupi 40 m'malo mwa 16. Maso, mano ndi chingwe cha chipewa zimayamba kuoneka. Tecno Camon 30 Premier ndi Realme 12 Pro+, zonse za 2024, nazonso zili ndi lenzi ya 3x. Koma Galaxy A55 ndi Redmi Note 13 Pro zilibe, ngakhale kumbuyo kwake kuli makamera atatu. Pa mafoni awiriwa, kamera yachiwiri ndi yotambalala ndipo yachitatu ndi macro, yojambulira tinthu tapafupi ngati duwa kapena khobidi. Anthu ambiri amawerenga maso a kumbuyo kwa foni n'kuganiza kuti limodzi ndi la zumu, ndipo zimandipweteka kuona munthu atapereka ndalama zake zokhetsera thukuta pa chifukwa chimenecho.

Kudziwa zoona n'kosavuta, ndipo mungayesere mu shopu momwemo. Tsegulani kamera, lozani chinthu chakutali panja powala, kanikizani 3x. Kenako tsekani ndi chala maso a kumbuyo, limodzi limodzi. Ngati diso lomwe likudetsa chithunzi pa 3x ndi lomwelo lomwe likuchidetsa pa 1x, palibe lenzi ya zumu, foni ikungodula. Muyesere panja osati mkati, chifukwa mafoni ambiri omwe ali ndi lenziyi amaisiya kukakhala mdima kapena chinthu chikayandikira kwambiri, n'kubwerera ku kamera yaikulu osakuuzani, pamene pa sikirini pakulembedwabe 3x.

Apa ndipo pakulowera OIS, chida chochepetsa kugwedezeka kwa chithunzi. Mkati mwa kamera muli timaginito tomwe timasuntha lenzi pang'ono kwambiri, mofulumira, kulowera kosiyana ndi komwe dzanja lanu lagwedezekera. Phindu lake limaoneka kuwala kukachepa. Mu holo, mu tenti, kapena tsiku la mitambo ndi chifunga monga timadziwira kuno ku Mzuzu, kamera imayenera kutsegula diso kwa nthawi yotalikirapo kuti itole kuwala kokwanira, ndipo dzanja likanjenjemera m'kanthawi kameneko chithunzi chonse chimakwekwereka. Zumu imakulitsanso kunjenjemerako: pa 3x kugwedezeka kwa dzanja kumaoneka katatu. Choncho ngati mukugula foni ya lenzi ya 3x, funsani ngati lenzi imeneyo payokha ili ndi OIS, chifukwa mafoni ena amaika pa kamera yaikulu yokha.

Koma OIS imagwira dzanja lanu, siigwira mwana. Akamayenda kukwera masitepe mu holo ya mdima, nsanamira ndi mipando zituluka bwino pamene iye atuluka chizimezime. Mukaona zonse zakwekwereka, vuto ndi dzanja. Mukaona munthu yekha ndiye wakwekwereka, vuto ndi kuchepa kwa kuwala, ndipo mankhwala ake ndi kudikira mphindi yomwe waima, monga pogwirana chanza kapena polandira pepala. Musasokonezenso ndi EIS, yomwe ndi pulogalamu yodula m'mbali mwa vidiyo kuti isaoneke yogwedezeka. Imathandiza vidiyo, koma chithunzi cha mu mdima siingachipulumutse.

Chinthu china, popeza ambiri pano timayenda pa njinga zamoto za kabaza: lenzi ya OIS imalendewera mkati, ndipo kunjenjemera kwa injini kukhoza kuiwononga foni ikamangidwa pa chiwongolero. Kampani ya Apple inachenjeza za izi mu 2021. M'chikwama kapena m'thumba mulibe vuto. Ngati mukugula foni yogwirapo kale ntchito, tsegulani kamera muyang'anitsitse. Chithunzi chikamanjenjemera chokha foni ili phee, kapena mukamva kulira ngati kwa udzudzu pafupi ndi lenzi, isiyeni. Kaphokoso kakang'ono kogubuduka mukaigwedeza kamera ili yotseka si vuto, ndi lenzi yomweyo yolendewera.

Ndikanakhala inu, mayi, ndikanachita motere. Ngati ndalama zikufikira foni yokhala ndi zonse ziwiri, lenzi ya 3x ndi OIS, tengani imeneyo. Ngati muyenera kusankha chimodzi, tengani ya kamera yaikulu yabwino yokhala ndi OIS, chifukwa mwambo ndi wa tsiku limodzi pamene zithunzi za m'nyumba madzulo ndi za ku tchalitchi mudzajambula zaka zambiri. Ndipo chiwerengero chathu chija chikuonetsa kuti mukasendera kufika mamita 10, kamera yaikulu yokha ipatsa nkhope ya mwana timadontho pafupifupi 48, kuposa lenzi ya 3x ya 8 MP ili pa mamita 30. Mudzalawire kuti mupeze mpando wa m'mphepete mwa kanjira kodutsa ophunzira, zigongono muzitsamize pa mpando wakutsogolo, mujambule pa 2x zithunzi zisanu kapena zisanu ndi chimodzi motsatizana pamene mwana waima, ndipo kamera muipukute ndi nsalu yofewa musanalowe.