Manambala akuwombana pakati pa maseva anayi: tisankhe njira iti?

"Tili ndi mashopu anayi a zitsulo ndi penti: ku Mbare, ku Highfield, ku Chitungwiza ndi m'tauni. Shopu iliyonse ili ndi seva yake ya MySQL chifukwa netiweki imadukaduka, ndipo usiku malonda onse amapita ku seva yaikulu. Koma manambala a `AUTO_INCREMENT` akuwombana. Ena akuti tisamukire ku UUID, ena akuti UUID imachedwetsa detabesi. Pulogalamu yathu ndi ya PHP. Titani abale?"

Achimwene, ine ndikanakhala inu ndikanatenga UUID ya mtundu wa 7, yoyamba ndi nthawi ija, pulogalamu izidzipangira yokha pa shopu pomwepo, n'kuisunga ngati `BINARY(16)`. Nambala ya pa lisiti ya kasitomala ikhale ina, yaifupi, ya shopu iliyonse payokha. Onse amene akukulangizaniwo akunena zoona mbali ina, kungoti akukamba za ma UUID osiyana.

Tiyambe ndi chigamba cha usiku uno, poti kusamuka sikutheka tsiku limodzi. MySQL imalola kuti seva iliyonse iziwerenga molumpha. Ya ku Highfield mungaiike chonchi mu `my.cnf`:

```
auto_increment_increment = 10
auto_increment_offset = 2
```

Ikatero izipereka manambala othera ndi 2 okhaokha, ya ku Mbare mukaipatsa 1 izipereka othera ndi 1, mpaka mashopu khumi. Musaiwale kukankhira kaye kawerengedwe ka seva zonse kupitirira nambala yaikulu imene ilipo kale pa shopu iliyonse. Ngati yaikulu ili cha m'ma 48000, lembani `ALTER TABLE malonda AUTO_INCREMENT = 50000;` paliponse, ndipo ku Highfield ayambira pa 50002, kenako 50012.

Izi zimagwira ntchito, koma chitetezo chake chonse chili m'manja mwa munthu wokumbukira. Tsiku lina seva ya ku Chitungwiza idzapsa, wina mwachangu adzakopera disiki ya ku Mbare yonse n'kuiika pa kompyuta yatsopano, pamodzi ndi `my.cnf` yake. Mashopu awiri ayamba kupereka manambala ofanana tsiku lonse popanda chodandaula. Mukakhala ndi mwayi, usiku muona `ERROR 1062 Duplicate entry`. Mukakhala opanda mwayi, ndiye kuti pulogalamu yanu yotumiza imagwiritsa `REPLACE INTO` kapena `ON DUPLICATE KEY UPDATE`, ndipo malonda a shopu ina afufuta a inzake mwakachetechete, mudzadziwira pa ndalama zosagwirizana kumapeto kwa mwezi. Ndipotu kaonenitu lero lomwe ngati mawu awiriwa ali m'pulogalamu yanu, chifukwa ngati alimo, mwina zina zinafufutika kale.

Tsono za UUID. Ndi nambala ya mabiti 128, kapena kuti mabaiti 16. Ya mtundu wa 4, imene anthu ambiri amatanthauza akangoti UUID, ili ndi mabiti 122 ongotola mwachisawawa. Za kuwombana musade nazo nkhawa: pamafunika kupanga manambala opitirira 2,000,000,000,000,000,000 kuti mwayi woti awiri afanane ufike theka. Vuto lake lili kwina, pa kasungidwe.

InnoDB, imene imasunga matebulo a MySQL, imasanja mizere yonse motsatira kiyi yaikulu, m'masamba a makilobaiti 16. Zili ngati buku la ngongole la pa shopu: manambala akamabwera motsatana mumangolemba pa tsamba lomaliza, lomwe lili lotsegula kale, koma akamabwera mwachisawawa, dzina lililonse likufuna mutsegule tsamba lina pakati pa buku, ndipo mukapeza ladzaza mulidule pawiri. Bola tebulo lonse likukwana m'memori, simumva kanthu. Likangokula kuposa `innodb_buffer_pool_size`, imene imabwera ili pa mamegabaiti 128 okha ngati simunaisinthe, pafupifupi mzere uliwonse watsopano umayamba wadikira kuti tsamba lake liwerengedwe kuchokera pa disiki. Masamba odulidwawo amatsalanso ndi mipata, ena theka lokha lodzaza, choncho tebulo limafufuma kuposa zimene zili m'katimo. Chizindikiro chake n'chakuti miyezi yoyamba zonse zimathamanga, kenako kutumiza kwa usiku kumayamba kutalika sabata ndi sabata pomwe malonda sanachuluke. Mukafuna umboni, lembani `SHOW GLOBAL STATUS LIKE 'Innodb_buffer_pool_reads';` musanayambe kutumiza ndiponso mutamaliza. Kusiyana kwa manambala awiriwo ndiko kuchuluka kwa maulendo amene MySQL yapita ku disiki itasowa tsamba m'memori.

Palinso kukula. Indeksi ina iliyonse ya InnoDB imanyamula kiyi yaikulu pa mzere uliwonse. Tiyerekeze kuti pa seva yaikulu muli ndi mizere 5,000,000 ndi maindeksi ena atatu, ndiye kuti kiyi ikulembedwa malo anayi. Ndi `BIGINT` ya mabaiti 8, makiyi okha adya mamegabaiti 160. Ndi `BINARY(16)` adya 320. Koma mukaisunga ngati mawu, `CHAR(36)`, monga ambiri amachitira poti imawerengeka bwino, afika 720, tisanawerengere matebulo ena amene amaloza ku limeneli. Ambiri amene amati UUID ndi yochedwa anakumana ndi ziwirizi pamodzi, mtundu wa 4 wosungidwa ngati mawu.

Mtundu wa 7 unakhazikitsidwa mu RFC 9562 m'chaka cha 2024, ndipo unabwera kudzakonza vuto la masamba lija. Mabiti 48 oyambirira ndi nthawi, mamilisekondi owerengedwa kuchokera pa 1 Januwale 1970. Mabiti 6 amanena mtundu, ndipo 74 otsalawo ndi achisawawa. Onani chitsanzo ichi:

```
017f22e2-79b0-7cc3-98c4-dc0c0c07398f
```

Zilembo 12 zoyambazo, `017f22e279b0`, ndi 1645557742000, kutanthauza pa 22 Febuluwale 2022 nthawi ya 21:22:22 kuno ku Harare. Nambala 7 yoyamba chigawo chachitatu ndiyo mtundu. Popeza nthawi ili kutsogolo, nambala yopangidwa tsopano imaposa ya dzulo, ndiye mizere imalowera kumapeto kwa tebulo ngati kale. Kwa inu sizikhala ndendende kumapeto, chifukwa malonda a ku Mbare akalowa, a ku Highfield a tsiku lomwelo azilowa pakatipakati pawo. Koma onsewo akugwera m'masamba a tsiku limodzi, ochepa, amene ali kale m'memori. Masamba a chaka chatha sakhudzidwa n'komwe.

Wina akuuzani za Snowflake, njira imene Twitter inatulutsa mu 2010. Ndi yokongola: mabiti 64 okha, 41 a nthawi, 10 a nambala ya makina, 12 owerengera, limodzi losagwiritsidwa ntchito, moti makina amodzi amatha kupanga manambala 4096 pa milisekondi imodzi. Ine sindingakupatseni imeneyi. Ilibe chachisawawa chilichonse, imadalira kuti makina aliwonse ali ndi nambala yakeyake, lomwe ndi vuto la disiki yokopera lija, komanso kuti wotchi sibwerera m'mbuyo. Kunoko magetsi akazima maola ambiri, kompyuta yakale imene kabatire kake ka wotchi kanatha imadzuka ikuganiza kuti ndi zaka zapitazo, ndipo ngati netiweki kulibe, palibe woikonza. Ikadzuka kawiri pa deti lolakwika lomwelo, Snowflake ikhoza kubwereza nambala. UUID ya mtundu wa 7 pa vuto lomwelo imangotaya dongosolo, mizere ingapo ikakhala pa masamba akale, koma mabiti 74 aja amaiteteza kuti isawombane. Pamenepa ndi pamene ndasankhira: wotchi ikalakwa, njira inayo imawononga malonda, iyi imangochedwa pang'ono.

Pa PHP, laibulale ya `ramsey/uuid` ili nayo kale:

```
$id = Uuid::uuid7()->getBytes();
```

Zotulukazo ndi mabaiti 16 olowa mwachindunji mu `BINARY(16)`. Misampha ilipo iwiri. Woyamba, `UUID()` ya MySQL imapereka mtundu wa 1, osati wa 7, ndiye musaidalire. Wachiwiri, mudzaona ambiri akulemba `UUID_TO_BIN(x, 1)`. Ka 1 kameneko kamasinthanitsa zigawo kuti mtundu wa 1 usanjike, koma pa mtundu wa 7 kamachotsa chiyambi cha nthawi kutsogolo n'kusokoneza dongosolo lonse limene mwasamukira. Lembani `UUID_TO_BIN(x)` basi. A PostgreSQL 18 iwo ali ndi `uuidv7()` m'kati momwemo, koma si chifukwa choti musinthire detabesi.

Nthawi ya m'kati mwa kiyi mutha kuiwerenga, ndipo ndi njira yabwino yogwirira seva ya wotchi yodwala:

```
SELECT FROM_UNIXTIME(CONV(LEFT(HEX(id),12),16,10)/1000)
FROM malonda;
```

Pa seva yaikulu ikani kolamu ina ya nthawi imene mzere wafika. Usiku uliwonse yerekezani ziwirizi, ndipo shopu imene nthawi zake zasiyana ndi masiku ambiri, kapena zili m'tsogolo, mukaisinthire batire n'kuona ngati `chrony` kapena `ntpd` ikuyenda. Koma malipoti a ndalama asadalire nthawi ya m'kiyi, deti la malonda likhale ndi kolamu yake. Dziwaninso kuti aliyense woona nambalayi akhoza kudziwa nthawi imene inapangidwa. Pa malonda a misomali zilibe kanthu, koma pa ulalo wosinthira mawu achinsinsi gwiritsani `random_bytes(32)`.

Nanga kasitomala? Palibe mayi amene angaimbe foni kuchokera ku Glen View n'kuwerenga zilembo 36 pofunsa za malata ake. N'chifukwa chake lisiti likhale ndi nambala ngati `MB-000417`, zilembo za shopu ndi kawerengedwe ka shopuyo, zotetezedwa ndi `UNIQUE (shopu, nambala)`. Apa `AUTO_INCREMENT` yanu ikadali ndi ntchito, chifukwa InnoDB imailola kukhala pa kolamu yosakhala kiyi yaikulu bola ili ndi indeksi yake yoyamba ndi kolamuyo. Pa seva yaikulu pokha ikhale nambala wamba yongolandira. Wina akadzakopera disiki molakwika, ma UUID adzakhalabe osiyana, malonda onse adzakhalapo pa mashopu, ndipo `UNIQUE` ija idzakuwa usiku womwewo, bola mukutumiza ndi `INSERT` wamba.

Posamuka musafufute manambala akale. Onjezani kolamu yatsopano, mudzaze mizere yakale pa shopu imene inabadwira, osati pa seva yaikulu, kuti mzere umodzi usakhale ndi ma UUID awiri. Kenako konzani matebulo oloza kwa iwo, monga la katundu wa pa lisiti lililonse, pogwiritsa shopu ndi nambala yakale pamodzi. Kusintha kiyi yaikulu kumamanganso tebulo lonse, choncho siyani malo pa disiki okwana tebulo lina lofanana nalo, ndipo muchite Lamlungu mashopu atatseka, jenereta ili ndi mafuta, mutayesa kaye pa kope la detabesi ya shopu yaing'ono pa zonse.