Musagule laputopu ina, achimwene

"Pulogalamu yanga yofufuza alimi olembetsa kawiri inkathamanga bwinobwino ndi mayina 500. Pano afika 50,000, ikungokhala ngati yafa. Kodi ndigule laputopu ina?"

Musagule. Ine ndinagula, ndipo ndikakumbukira ndalama ija mtima umandiwawabe.

Nthawi imeneyo ndinkathandiza gulu lina la alimi a mpunga kuno ku Nkhotakota kulemba oti alandire mbewu. Ena ankalembetsa kawiri, kwawo ndi kumene anakwatira. Sindiwadzudzula, mbewu inadula. Ndiye ndinalemba kapulogalamu kotenga nambala ya chiphaso cha munthu mmodzi n'kuiyerekeza ndi za anzake onse, kenako wachiwiri chimodzimodzi, mpaka womaliza. Poyesa ndi mudzi umodzi kankamaliza ndisanaphethire n'komwe. Titaphatikiza midzi yonse, eee! Ndinkakayatsa, kutereka tiyi, kumwa, kutsuka kapu, iko kakulimbanabe, laputopu itatentha ngati mbaula. Tsiku lina batire inatha kasanamalize, apampando ali pakhonde kudikira.

Laputopu yatsopano ija inangochepetsako nthawi pang'ono. Vuto linali ine.

Tawerengani nokha. Anthu 500 akamapatsana moni wa pamanja aliyense ndi mnzake, moni amakwana 124,750. Anthu 50,000 moni amapitirira 1.2 biliyoni. Mayina achuluka maulendo 100, koma ntchito yachuluka maulendo pafupifupi 10,000. Zimene zinkatenga sekondi imodzi tsopano zifuna maola pafupifupi atatu. Kakulidwe kotere amakalemba O(n²), n kukhala kuchuluka kwa mayina. Makina othamanga kawiri angodula nthawiyo pakati, basi, ndipo mayina akangowirikiza mwabwerera pomwe munali n'kupitirira.

Chimandinyansa n'chakuti ambiri timaphunzitsidwa kuti pulogalamu ikatulutsa yankho lolondola ndiye kuti yatha. Bodza limenelo. Timayesa ndi mayina khumi, asanu mwa iwo a abale athu, n'kumadzitcha akatswiri.

Ndiye mutani?

Choyamba yesani ndi wotchi. Ipatseni mayina 5,000, kenako 10,000. Nthawi ikawirikiza kawiri, vuto lili kwina. Ikawirikiza kanayi, matenda ndi omwewa. Ngati mumalemba mu Python, chenjeraninso ndi `in` pa `list`, chifukwa amaoneka ngati mawu amodzi osalakwa koma amayenda mndandanda mmodzimmodzi, ndipo chofufuzidwacho chikakhala mulibe amauyenda wonse. Mankhwala ake ndi kusunga manambala amene mwawaona kale mu `set`, monga apa, pomwe `manambala` ndi mndandanda wa manambala a ziphaso:

```python
taona = set()
for nambala in manambala:
    if nambala in taona:
        print(nambala)
    taona.add(nambala)
```

`set` imawerengera malo a nambala kuchokera pa nambalayo n'kulunjika pomwepo, osafunsa onse. Choncho munthu aliyense mumamuona kamodzi kokha, yomwe ndi O(n): masitepe pafupifupi 50,000 m'malo mwa biliyoni ija. Koma imangogwira zofanana ndendende. Nambala imene wolemba anasiyamo mpata kumapeto idzadutsa ngati ya munthu wina, ndiye muyambe mwaiyeretsa ndi `strip()` ndi `upper()`.